Nyumba ya a Gelesomu Yatha

Kokerani benchiyo kufupi ndi chiwaya, mphepo ya pa Lizulu pano siyang'ana kuti jekete wavalayo ndi ya ndalama zingati. Ndikudziwa, mumati ine ndimanama. Chabwino, ija ya mbatata yomwe tinaikumba ndi thirakitala ndinathirako mchere pang'ono. Koma ya leroyi ndilibe mphamvu yoithira kanthu. Ndingoipereka yosakometsera, mmene inandipezera pano ndikugulitsa kachewere wanga.

Kumtunda uko, kwa Mtsendera, kunali bambo wina dzina lake Gelesomu Kachigwada. Munthu waudongo mpaka kunyansa, woti ngakhale thumba la feteleza lotha ankalipinda makona anayi. Anapita ku Joni ndi cholinga chimodzi basi, kumangira mkazi wake, Nandau, nyumba ya malata. Tsiku lonyamuka anaima pasiteji pomwepa, ine ndikumva ndi makutu angawa.

“Nandau, ine sindibwera mpaka nyumba ithe. Ukadzangonditumizira uthenga kuti yatha, ndidzanyamuka tsiku lomwelo, olo wapansi.”

“Wapansi inuyo? Wopita kuchigayo komwe mpaka njinga?” anaseka Nandau.

Nyumba inakwera mpaka m'mawindo, n'kuima. Gelesomu anadwala chifuwa komweko, osakhalitsa. Bokosi linabwera pangolo yokokedwa ndi basi, lomata, atalamula kuti lisatsegulidwe. Nkhope palibe anaiona. Komanso paja woperekeza maliro ochokera kutali amayenera kumawalankhula m'njira, kuti tadutsa malire akuti, tsopano tikuoloka mtsinje wakuti, musatsale. Amene anaperekeza ulendo umenewu anadzavomera yekha kuti anagona kuchokera ku Beitbridge mpaka ku Dedza.

Anaika maliro, anthu anabalalika. Nandau sanalire kwambiri, ndipo amayi ena anamunena. Chimene anachita n'kusiya kugona. Duku lakuda kumutu, kamwana kake Mwandida pamwendo, iye pakhonde la kanyumba kakale kaudzu, maso kumsewu. Dzinja linabwera n'kupita, chimanga chinalowa m'nkhokwe, iye ali pomwepo. Anaonda mpaka chitenje chinkamuzungulira kawiri ndi theka.

Chaka chitakwana, amalume ake a Gelesomu, a Bizaliyele, omwe ndi eni mbumba, anaitanitsa abale kuti akambe za chiliza. Chiliza sichimangidwa mothamanga. Umadikira mvula idutsepo, dothi la pamanda lititimire, apo ayi chimang'aluka. A Bizaliyele anali atakwirira kale abale ambiri moti ankalankhula za manda ngati za kumunda. Anasankha Loweruka lina mu Ogasiti, anthu atakolola. Anakapempha kwa amfumu chilolezo cholowa kumanda, anauza adzukulu kuti akalambule njira, anapangana ndi mmisiri wa ziliza, Jubeki, za simenti, mchenga ndi mwala wolembapo dzina. Ndipo anati tsiku lomwelo adzamusudzula Nandau, avule zakuda, akhale mfulu kutsala pamudzi kapena kubwerera kwawo.

Chinatsala ndi uthenga woitanira anthu. Ntchito imeneyi anaipereka kwa Esinala, mchemwali wake wa Gelesomu, chifukwa ndiye anali ndi foni yotsetsereka ija. Analemba, n'kuwerengera onse pabwalo.

“Banja la Kachigwada likuitana abale ndi abwenzi ku mwambo wovundukula chiliza cha malemu Gelesomu...”

“Chotsani limenelo,” anatero Nandau. Kanali koyamba kulankhula tsiku lonse.

“Liti, alamu?”

“Loti malemulo. Munawaona ndani? Inu munawaona? Ine ndinaona bokosi ndi zomata.”

“Alamu, nanga tilemba kuti chiyani? Kuti akukwatira?”

“Ndi chilizacho chotsani. Likundibaya.”

A Bizaliyele anapukuta kumaso ndi chipewa. Dzuwa linali litapendeka, nkhani ya nkhuku ndi mbuzi inali itawadya kale mphamvu.

“Esinala, m'chitire zomwe akufuna. Ulembe kuti nyumba. Paja manda timawatcha nyumba ndithu tikamalira. Anthu akaona liwu loti kuvundukula adziwa okha. Ine msana wandipweteka.”

Uthenga unatuluka wotere, ndipo ndimaukumbukira chifukwa unafika pafoni ya mkazi wanga kasanu:

“Banja la Kachigwada la kwa Mtsendera, ku Lizulu, likudziwitsa abale onse, ali kuno ndi ali kutali, kuti nyumba yomwe tawamangira a Gelesomu Kachigwada yatha. Tidzaivundukula Loweruka pa 17 Ogasiti. Tidzayamba ndi mapemphero pakhomo nthawi ya 9 koloko m'mawa, kenako tonse tidzapita kukaiona ndi kuika nkhata. Chakudya chidzakhalapo. Ochokera kutali afike Lachisanu, malo ogona alipo. Amene walandira uthengawu auze mnzake. Oitana ndi a Bizaliyele Kachigwada ndi mayi Nandau.”

Pamwamba anaikapo chithunzi cha Gelesomu atavala suti yobwereka. Esinala anauponya pa Watsapu, m'gulu la banja, la kumpingo, ndi lina lotchedwa Ana a Lizulu ku Joni. Lamulungu mlembi wa mpingo anauwerenga pa zolengeza. Koma kwawo kwa Nandau sanatumize foni ayi. Apongozi suwaitana ndi chala, makamaka pamene ukukabweza mwana wawo. A Bizaliyele anapalasa njinga okha mpaka kwa ankhoswe, n'kukanena pakamwa atakhala pamphasa.

Patapita masiku awiri Esinala anabwera kudzagula tomato, nkhope ili ngati wamwa mankhwala a malungo.

“Achimwene, taonani apa. M'gulu la ku Jonili, nambala ya achimwene anga ikadalimo. Palibe anaichotsa. Ndiye ikuonetsa kuti yawerenga.”

“Aaa, Esinala, nambala zimagulitsidwa. Pano ili ndi Mzulu wina wake, akudabwa kuti Mtsendera n'chakudya chanji.”

Anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

Kenako Jubeki mmisiri anayamba kudandaula. Anali atathira konkire, n'kupaka pulasitala, n'kuimika mwala wa dzina kumutu. Mphepo ya Ogasiti mukuidziwa, imaumitsa ndi malovu m'kamwa. Koma sabata inatha simenti ili yofewa ngati phala la mwana. Akaika chala, chimalowa.

“Mwandigulitsa simenti yoola,” anakalusa kusitolo. Anamupatsa thumba lina. Chimodzimodzi. Yotsala m'wilibala inkauma gwa mpaka kuswa ndi hamala, koma ya pamanda ayi.

“Ndamanga ziliza kuyambira Bembeke mpaka Kampepuza,” anatiuza akuotha pano. “Ichi chikukhala ngati ndikumanga pamwamba pa chitsime. Ngati pansipo palibe chogwira.”

Wina anangosonkhezera moto.

Sabata yotsatira panaima thiraki ya Layisoni, mmodzi wa amatransipota onyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni. Ndi wa ku Mangochi, Gelesomu sankamudziwa. Anaitanitsa tchipisi, n'kungokhala osadya.

“Akulu, ine ndakalamba kapena? Pamalire a Nyamapanda wandiimitsa bambo wina, chikwama cha mizeremizere chija akuchikoka pansi. Nsapato zatha, zala panja. Akuti, mukudutsa pa Lizulu? Andiitana, akuti nyumba yatha. Ndati kwerani. Wakhala phee, osapempha madzi, osatsika pokodza. Galimoto kulemera ngati ndakweza ng'ombe. Tikukwera mlatho wa Tete ndati ndimufunse dzina, mpando uli wokha. Kuugwira, kuzizira ngati botolo la m'firiji.”

Mkazi wanga, pakamwa pake paja simupadziwa, anatulutsa foni n'kumuonetsa uthenga uja.

Layisoni anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anakankhira mbale kutali.

“Suti yokha ndiye analibe,” anatero. Anadzuka n'kukagona m'galimoto mwake dzuwa likuswa mtengo, atakhoma zitseko zonse.

Zikatere nkhani siyenda, imauluka. Mayi wina wogula nyemba ku Ulongwe wa ku Mozambiki anati anamuona Gelesomu atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, akupinda kapepala ka siwiti makona anayi. Wakabaza wa ku Dedza anati anakweza munthu woonda koma tcheni chinaduka pamalo athyathyathya. Aliyense wonena ankamuona pafupi kuposa amene wanena dzulo lake. Iye sankafulumira. Ankangobwera.

A Bizaliyele anamuuza Esinala kuti akonze uthenga. Analemba bwinobwino, malemu pamalo pake, chiliza pamalo pake, n'kupepesa kuti woyamba uja unalakwika. Onse analandira, ena mpaka kuyankha kuti tinamva kale, musatithere mabandulo. Nambala imodzi yokha ndiyo sinalandire. Anatumiza kachiwiri, kachitatu. Uthenga unkangoima pakhomo.

Lachinayi Jubeki anakuta chiliza ndi nsalu yoyera, monga mwa mwambo, kuti anthu asaone dzina tsiku lisanafike. Anachikuta chili chofewa chomwecho, n'kutsamiritsa miyala m'makona. Kutacha nsalu panalibe. Amene anaipeza ndi Mwandida, pakhoma la nyumba yosatha ija, itapindidwa makona anayi, bwinobwino ngati ya m'sitolo. Jubeki anakachikutanso.

Apa ndi pamene a Bizaliyele anapita kukakhala pansi pakhonde la Nandau, osadikira mpando. Ine ndinali pomwepo, ndinakasiya matumba a kachewere wa alendo.

“Mayi,” anayamba motsitsa, “cholakwa ndi changa, ndinatopa msanga tsiku lija. Koma dzina lili pansi pa uthengawo, limene iye akulitsata, si langa. Analonjezana ndi inu. Wa Esinala sakuumva. Mumuuze ndinu.”

“Ndiwauze chiyani, amalume?”

“Chimene ali. Ndi kumene kuli nyumba yake.”

Nandau anayang'ana kumsewu. M'maso mwake munali mofiira ngati mwa munthu wophika ndi nkhuni zaziwisi.

“Chaka chonse mwakhala mukundiuza kuti sabwera. Lero akubwera, mukuti ndiwabweze? Asiyeni afike. Ndiwatsegulira.”

“Mukamutsegulira, sadzatulukanso yekha. Ndinaonapo ine. Wotsegulira wotere saona mvula yoyamba. Mwandidayu adzaleredwa ndi ndani, ine wa msana uno?”

“Ndatopa, amalume. Kaya ndi kuno kaya ndi uko, bola ndikagone.”

A Bizaliyele anadzuka mogwira khoma.

Lachisanu mudzi unadzaza. Abale a ku Lilongwe ndi magalimoto awo, apongozi a kwawo kwa Nandau, amayi a Mvano akusefa thobwa m'migolo, mbuzi ikulira kuseri. Koma phokoso lake linali losakwana, ngati wailesi yotha mabatire. Aliyense ankalankhula akuyang'ana kunjira.

Dzuwa litafiira ndinaona Nandau akutsika kubwera pasiteji pano, yekha, wopanda nsapato. Anaima paja anaima tsiku lotsanzikana. Kumbuyo kwake, patali, a Bizaliyele ndi ndodo yawo.

Agalu a pamsika, aja amalimbirana mafupa apa, anadzuka onse n'kulowa pansi pa mabenchi. Panatulukira minibasi yochokera ku Dedza. Palibe anaiimitsa, koma inaima. Chitseko chinatseguka.

“Wagogoda ndani kuti nditsike?” anakalipa kondakitala. “Mukundiseweretsa eti? Tsikani amene mwagogoda!”

Palibe anatsika. Koma minibasi inanyamuka m'mwamba pang'ono, ngati yatula matumba atatu a chimanga. Kondakitala anayang'ana pansi, anayang'ana ife, anatseka chitseko mwaulemu ngati wa m'tchalitchi, galimoto n'kuthawa.

Mufuna ndikuuzeni kuti ndinaona chiyani. Ukayang'ana molunjika panalibe kanthu, fumbi basi. Ukayang'ana kumbali, pakona ya diso pankaima munthu, mapewa atagwa. Chimene ndinamva bwinobwino ndi chikwama. Khwee. Kupuma. Khwee.

“Mwafika, bambo a Mwandida?” anatero Nandau, ngati akulonjera munthu wangochokera kumunda.

Anatembenuka n'kuyamba kukwera njira ya kwa Mtsendera, pang'onopang'ono, kusiya mpata kudzanja lake lamanja. Khwee, khwee, pambali pake. A Bizaliyele anandikodola. Sindinafune, koma miyendo inapita yokha. Kachewere wanga ndinamusiya osaphimba, ndipo tsiku limenelo palibe anaba olo mmodzi.

Mukudziwa pamtengo wa mkuyu paja njira imagawikana. Yakumanja ipita kumudzi, yakumanzere, yomwe adzukulu anali atangoilambula, ipita kumanda. Nandau anaima pomwepo. Kukokako kunapitirira pang'ono kulowera kumanja, n'kuima, kudikira.

Kuchokera pamenepo nyumba yosatha ija imaoneka bwino. Makoma ofika m'mawindo, udzu utamera m'zipinda, denga lake thambo. Pakhoma panali Mwandida, atakhala akugwedeza miyendo, akudya chinangwa chomwe anapatsidwa ndi alendo.

Kenako kunamveka mawu. A Bizaliyele amati inali mphepo m'masamba a mkuyu. Mwina. Koma mphepo imeneyo inadziwa dzina.

“Nandau. Malata ali kuti?”

Munalibe ukali. Anali mawu a munthu amene wayenda mpaka kuiwala kuti kukhala pansi n'chiyani.

Nandau anayang'ana pansi pambali pake. Ine ndinayang'ananso. M'fumbi munali mapazi awiri, chidendene cha nsapato kumbuyo, zala zosavala kutsogolo, ndipo zala zimenezo zinkanjenjemera, fumbi likugumukira m'mphako zake.

“Mayo ine,” anatero Nandau chapansipansi. “Mwayendadi wapansi.”

Anayang'ana mwana, anayang'ana mapazi aja. Ndinaona phazi la Nandau likusuntha kulowera kumanja, a Bizaliyele n'kundifinya mkono mpaka lero pamapweteka kukazizira. Kenako analibweza.

“Ndinakunamizani, bambo a Mwandida. Ijayo sinathe, ndipo simudzaimaliza ndinu. Mukalowa mmenemo mudzangoima, mulibe pogona. Imani pomwepo, ndikuuzeni uthenga wake weniweni.”

Anakonza duku lake. Anaimirira mowongoka ngati mlembi wa mpingo, mawu akuthothoka limodzilimodzi.

“Banja la Kachigwada likuitana abale onse ku mwambo wovundukula chiliza cha...”

Anaima. Kumudzi mbuzi inasiya kulira.

“...cha malemu Gelesomu Kachigwada. Malemu, bambo a Mwandida. Ndinu. Munamwalira ku Joni chaka chatha, mwezi ngati uno. Woitana ndine, Nandau. Nyumba yanu ndi iyi ya kuno, bwerani ndikuperekezeni.”

Analowa njira ya kumanzere. Kwa kanthawi kumbuyo kwake kunalibe chomutsata. Kenako, khwee. Khwee.

Anafika pamene mitengo ya kumanda imayambira, n'kuima, chifukwa tsiku lolowa linali lisanafike.

“Ine ndithera pano. Yachitatu kuchokera pamtengo wa mbawa, yokutidwa nsalu yoyera. Musaipindenso, ndi ya mawa.”

Kukokako kunapitirira kokha m'mitengo, kukuchepa, kukuchepa. Kenako tinamva chinthu chikutulidwa pansi, ndi mpweya wautali, ngati wa munthu amene wavula nsapato.

Apo ndi pamene Nandau analira. Maliro onse a chaka chathunthu anawalira pamenepo, atagwada m'fumbi, mpaka amayi a Mvano anathamanga ndi zikho za thobwa m'manja.

M'mawa mwake zonse zinayenda monga unanenera uthenga. Mapemphero pakhomo, kenako mzere wopita kumanda, abusa patsogolo, kwaya pambuyo. Jubeki ankayenda ngati wopita kukhoti, akudziwa kuti nsalu ikachoka anthu aona phala. Abusa atapemphera, a Bizaliyele anagwira kona imodzi ya nsalu, Nandau ina, n'kuvundukula. Jubeki anagogoda ndi chala, kenako ndi mwala. Gwa! Ngati chamangidwa zaka khumi. Chakumiyendo kokha kunali timaenje tiwiri tosazama, ngati pamene munthu anaponda simenti isanaume. Anati akonza. Nandau anati zisiyeni.

Esinala anawerenga dzina pamwala mokweza, anthu anaika nkhata, woyamba Nandau, kenako Mwandida atanyamulidwa. Pobwerera Esinala anandionetsa foni. M'gulu la ku Joni lija munalembedwa kuti nambala ija yatuluka yokha.

Pakhomo, ankhoswe a mbali zonse atakhala pamphasa, a Bizaliyele ananena mawu omusudzula, kuti mayiyu watisungira maliro bwino, kuyambira lero ndi mfulu. Esinala anamuvula duku lakuda n'kumumanga la maluwa. Atamufunsa ngati atsala kapena apita kwawo, anati ayankha mawa.

Sanayankhe mawa lakelo. Chakudya chisanagawidwe n'komwe anamupeza atatsamira khoma la nyumba yosatha ija, dzuwa lili pamutu, Mwandida pamwendo, ali mtulo. Kwaya inaimba, magalimoto analiza mahutala potsanzika, mbale zinagwa, iye osatekeseka. Mayi wina anati timudzutse adye.

“Amene amudzutse alimbana ndi ine,” anatero a Bizaliyele. Anavula jekete yawo, n'kumufunditsa, n'kukhala pansi pambali pake ndi ndodo pamiyendo, kuingitsa nkhuku.